Seveni amene adali wani adatsala pang'ono kundisandutsa wakuba

Akonzi, ndipatseniko danga ndifotokozere anzanga onse amene amagwira mabuku a ndalama, kaya ndi kubanki m'khonde, kumpingo, kuchigayo kapena kugolosale, zomwe zidandionekera mu Disembala wapitayu. Ndine msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde kuno kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Tilipo anthu 18, ndipo ndalama za gulu zimagona kunyumba kwanga. Kutatsala sabata imodzi kuti tigawane, ndidatenga buku lalikulu kwa amlembi kuti ndiwonkhetse zonse za chaka chonse. Buku lidanena kuti ndiyenera kukhala ndi ndalama yoposa imene idali m'bokosi ndi K54,000.

Ndidawerenga ndalama zija kawiri, ndidayang'ana ngati ma K5,000 ena adamatana, mpaka ndidakutumula nsalu imene ndimakulungira bokosi. Palibe chidatuluka. Ndidawonkhetsanso buku lija katatu pa kalikuleta ya pafoni, ndipo katatu konseko yankho lidali limodzimodzi. Apa mpamene mantha adandigwira zenizeni, chifukwa ndidaganiza kuti makina sanama, ndiye kuti ndalama yasowadi m'manja mwanga. Aliyense wodziwa banki m'khonde akudziwa chimene chimachitika tsiku logawana msungichuma akanena kuti ndalama yapereweza. Palibe amafunsa za manambala. Amayang'ana malata amene wafolera chaka chomwecho ndi feteleza amene wagula.

Usiku womwewo ndidapita kwa amalume anga, amene pa unyamata wawo adagwirapo ukalaliki pamsika wogula mbewu. Adamvetsera, kenako adandifunsa funso limene poyamba lidandikwiyitsa: "Iwe, ndalama yasowayo ndi zingati ndendende? Usandiuze kuti pafupifupi." Nditawauza kuti K54,000 yeniyeni, adati nambala yosowa imakhala ndi nkhope, ndipo kalaliki amayamba wayang'ana nkhopeyo asadayambe kuloza anthu chala.

Zimene adandiphunzitsa ndi izi. Munthu ukawerenga wani ngati seveni, waonjezera 6, chifukwa 7 kuchotsapo 1 ndi 6. Ukawerenga ziro ngati sikisi, waonjezeranso 6 yemweyo. Ukalakwitsa mobwerera, seveni n'kumuyesa wani kapena sikisi n'kumuyesa ziro, wachepetsa ndi 6. Choncho zolakwika zinayi zonsezi zimasiya phazi lofanana: kusiyana kwa buku ndi ndalama kumakhala 6 wotsatana ndi maziro. Ikakhala K600, vuto lili pa nambala yachitatu kuchokera kumanja. Ikakhala K6,000, lili pa malo a masauzande. Ikakhala K60,000, lili pa nambala yachisanu kuchokera kumanja. Sufunikanso kuwerenga buku lonse. Umangotsetsereka ndi chala mumzere umodzi wotsikawo, n'kumaima paliponse pamene pali 1, 7, 0 kapena 6.

Koma yanga sidali K6,000 kapena K60,000. Idali K54,000, ndipo nambala imeneyi idatisocheretsa tonse awiri. Amalume adati 54 amagawika ndi 9 popanda chotsala, ndipo kusiyana kogawika ndi 9 kawirikawiri kumasonyeza kuti manambala awiri oyandikana asinthana malo. Mwachitsanzo, wina akafuna kulemba 17 n'kulemba 71, kusiyana kwake ndi 54. Chimodzimodzi 28 ndi 82, kapena 39 ndi 93. Tidayamba kusaka K71,000 amene akadayenera kukhala K17,000, K82,000 amene akadayenera kukhala K28,000, tsamba ndi tsamba, mpaka batire la tochi lidayamba kufooka. Sitidapeze kanthu. Lamulo la 9 ndi loona, kungoti silinena kuti kusiyana kulikonse kogawika ndi 9 kwachokera pa kusinthana malo. Limangoti yamba wayang'ana kumeneko.

M'mawa mwake ndidachita chimene ndikadayenera kuyambira, kudula chaka m'zidutswa. Gulu lathu limakumana Lachisanu lililonse, koma ngongole timabweza pamsonkhano womaliza wa mwezi. Pakutha pa msonkhano, anthu awiri owerenga ndalama amawerenga zonse zimene zalowa pamaso pa gulu, n'kulengeza, ndipo apampando amalemba nambalayo m'kabuku kawo kam'thumba. Ndidakabwereka kabukuko. Ndidayamba kufananiza mwezi ndi mwezi, chimene tsamba la amlembi likupereka ndikawonkhetsa ndi chimene apampando adalemba. Januwale adagwirizana, Febuluwale adagwirizana, mpaka Sepitembala. Pa Okutobala mpamene zidasiyana, ndipo zidasiyana ndi K54,000 yonse ija. Novembala adalibe vuto. Mlandu wa chaka chonse udatsala pa tsamba limodzi la mizere isanu ndi umodzi.

Anthu asanu ndi mmodzi ndiwo adabweza ngongole tsikulo. Mmene ndidawerengera ine, woyamba adapereka K72,500, wachiwiri K40,000, wachitatu K30,000, wachinayi K85,500, wachisanu K24,000, ndipo womaliza K53,500. Mukawonkhetsa mupeza K305,500. Apampando adalemba kuti tsikulo kudalowa K251,500.

Nditatsala ndi mizere yochepa chonchi, ndidasiya kalikuleta n'kuyamba kudzifunsa ngati nambala iliyonse ikumveka. Mayi wa mzere woyamba adakongola K50,000. Chiwongoladzanja chathu ndi K20 pa K100 iliyonse, ndiye ngongole yake yonse idali K60,000. Munthu wangongole ya K60,000 angabweze bwanji K72,500? Kumapeto kwa mzere wake amlembi adalemba kuti watsala ndi K47,500. Kuchotsa K47,500 pa K60,000 kumapereka K12,500. Seveni wanga uja adali wani. Ndidadziikira ndekha K60,000 ya m'malere m'buku, ndalama imene palibe adaiperekapo.

Koma K60,000 si K54,000. Nditakonza mzere umenewo, tsamba lidapereka K245,500, ndipo tsopano buku ndilo lidali lochepa poyerekeza ndi ndalama, lochepa ndi K6,000. Apa nkhope ija idaoneka poyera. Ndidayang'ana malo a masauzande okhaokha. Mizere iwiri idali ndi ziro pamalowo, wa K40,000 ndi wa K30,000. Bambo wa mzere wachiwiri adakongola K80,000, kuphatikiza chiwongoladzanja K96,000, ndipo zotsala zake zidalembedwa K50,000. Kuchotsera kwake kukupereka K46,000. Sindidafune kudalira buku lokhalo chifukwa ziro wa mu K50,000 nayenso ndikadatha kumukayikira, choncho ndidapita kwawo. Adatulutsa kabuku kawo, ndipo adakumbukira bwinobwino kuti idali K46,000 ya kachewere amene adagulitsa pamsika wa Lizulu sabata imeneyo. Ndikaika K12,500 ndi K46,000 m'malo mwake, tsamba likupereka K251,500, ndendende ndi kabuku ka apampando.

Ndiye zolakwika zidali ziwiri, china chokweza ndi K60,000, china chotsitsa ndi K6,000, ndipo zitakumana zidavala nkhope ya K54,000. Amalume nditawauza adaseka, n'kuti akadaganiza msanga kuti 54 ndi 60 kuchotsapo 6, monganso 66 ndi 60 kuphatikizapo 6, ndi 12 ndi masikisi awiri a mumzere umodzi.

Funso limene lidandivutitsa pambuyo pake ndi lakuti, ine ndidapita kusukulu, maso anga ndi abwino, zidatheka bwanji kuwerenga wani ngati seveni katatu konse? Yankho lake lili mumsewu wa M1 umene umadutsa pa Lizulu. Kuno msewuwo ndiwo malire, tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique, ndipo timakwatirana, timagulitsana mbatata ndi kabichi, timalankhula chilankhulo chimodzi. Amlembi athu adakulira ku Angonia ndipo sukulu adaphunzira m'Chipwitikizi. Kumeneko, monga m'maiko ambiri a ku Ulaya, wani amalembedwa ndi kadenga: cholembera chimayamba m'munsi pang'ono chakumanzere, n'kukwera chopendekera, kenako n'kutsika. Kuti asasokonezeke ndi wani wotereyu, seveni wawo amamudula ndi kamzere pamimba. Ife a tsidya lino ambiri tidaphunzira kuti wani ndi kamtengo koongoka basi, ndipo seveni ndi denga ndi mwendo, wopanda lamba. Choncho diso langa likaona nambala ya denga ndi mwendo limati seveni, pomwe dzanja la amlembi limatanthauza wani. Iwo sadalakwitse kalikonse. M'malembedwe awo, nambala yopanda lamba singakhale seveni.

Nanga bwanji miyezi ina yonse sindidasokonezeke? Ndidabwerera m'buku kukaona. Mawani awo ambiri ali ndi kadenga kakafupi kogwera pansi, kooneka ngati mbedza, ndipo diso limawalandira ngati wani. Koma wani wa K12,500 uja adali woyamba pa tsamba, adalembedwa mothamanga buku lili pabondo, ndipo kadenga kake kadatalika n'kugona chopingasa. Kusiyana kwa wani wa kadenga ndi seveni wopanda lamba ndi kupendekera kwa kamzere kamodzi basi. Buku likapendekeka pabondo, kupendekera kumeneko kumatha.

Za ziro ndi sikisi nkhani yake ndi ina, ndipo siikhudza kumene munthu adaphunzira. Tengani cholembera muyese. Manambala awiriwa amayambira pamodzi, pamwamba, ndipo onse amatsikira kumanzere n'kuzungulira pansi. Amasiyana pomalizira pokha. Ziro amakwera mpaka kukakumana ndi pamene adayambira, pomwe sikisi amakhotera m'kati ali pakati pa ulendo. Munthu wothamanga akatseka ziro asadafike pamwamba, kamchira kotsala kamamusandutsa sikisi. Akakulitsa mimba ya sikisi khosi n'kufupika, amasanduka ziro. M'mabuku athu a ndalama vutoli limakula chifukwa pafupifupi nambala iliyonse imathera ndi maziro awiri kapena atatu, ndipo dzanja limawalemba mwachizolowezi ngati unyolo, osadukiza. Diso nalo limazolowera, likaona 4 kenako tozungulira, limangoti folote sauzande osayang'ana kozungulira koyambako.

Sikisi wa K46,000 uja adali ndi vuto linanso. Bolopeni yotchipa ikakhala kanthawi osalemba, imayamba kuyenda youma inki isadatuluke. Chimene chimasowa ndi chiyambi cha nambala, ndipo chiyambi cha sikisi ndi khosi lake, chiyambi cha seveni ndi denga lake. Sikisi wopanda khosi ndi ziro wamng'ono, seveni wopanda denga ndi wani. Nditapendeketsa tsamba lija padzuwa, ndidaona kanjira kopanda inki pamwamba pa ziro uja, pamene bolopeni idakanda pepala osasiya mtundu. Kuseri kwa tsamba kanjirako kamamveka ndi chala. Mukakayikira nambala, yesani zimenezi musadakangane. Chenjeraninso ndi mizere yosindikizidwa ya m'buku. Denga la seveni likagona pamzere wabuluu, bolopeni ilinso yabuluu, limabisala. Pa malisiti a kaboni n'chimodzimodzi: mbali imene dzanja silidatsindike siifika papepala lachiwiri.

Tsopano za kuwonkhetsa, chifukwa apa mpamene ndidadzinamiza kwambiri. Tidaphunzitsidwa kuti ukawonkhetsa kuchokera pamwamba kutsika, ubwereze kuchokera pansi kukwera. Ndi langizo labwino, ndipo limagwira zolakwika za kuwonkhetsa kwenikweniko, monga kuiwala kusunga wani kapena kudumpha mzere. Koma siligwira kuwerenga molakwa. Diso limene laona seveni potsika lidzaonanso seveni pokwera, ndipo kalikuleta imawonkhetsa mokhulupirika chilichonse chimene chala chaipatsa. Mayankho anga atatu ofanana aja sadali mboni zitatu. Idali mboni imodzi yolankhula katatu.

Njira ina imene alembi ambiri amaidalira ndi kuwonkhetsa chotsika ndi chopingasa. Mzere wa munthu aliyense umakhala ndi zigawo, monga kubweza ngongole, masheya ndi thumba la zadzidzidzi, ndipo kumapeto kwake mumalemba zonse pamodzi. Kenako mumawonkhetsa chigawo chilichonse chotsika. Mayankho a pansiwo mukawaphatikiza ayenera kufanana ndi mayankho a kumapeto kwa mizere mukawaphatikiza. Njirayi ndi yamphamvu, koma nayo ili ndi malire, ndipo tsamba lathu lomweli likusonyeza. Tinene kuti mayi uja adapereka K12,500 ya ngongole, K5,000 ya masheya ndi K500 ya zadzidzidzi, amlembi n'kulemba kumapeto K18,000. Ine wowerenga wani wawo ngati seveni ndikadaona K72,500, K5,000 ndi K500, ndipo kumapeto ndikadaona K78,000. Zikugwirizana bwinobwino, chotsika ndi chopingasa, koma zonse zabodza.

Chimene chimagwira kuwerenga molakwa ndi umboni wochokera kunja kwa tsambalo. Kwa ife udali ndalama yeniyeni imene idawerengedwa pamaso pa anthu tsiku lomwelo, kabuku ka membala, ndi masamu a ngongole, akuti zimene munthu adali nazo kuchotsa zimene wabweza zifanane ndi zimene watsala nazo. N'chifukwa chake cheke ya kubanki imalembedwa ndalama kawiri, m'manambala ndi m'mawu. Wani ndi seveni amafanana pa maonekedwe, koma mawu awo safanana, polemba ngakhale pakamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiopsabe ndikachiganiza. Ine ndidapulumuka chifukwa zolakwika ziwiri zija zidagwera m'malo osiyana, china pa nambala yachisanu, china pa yachinayi. Zikadagwera mumzere umodzi wotsika, mwachitsanzo K21,000 kuwerengedwa K27,000 ndipo K46,000 kuwerengedwa K40,000, china chikadaonjezera K6,000, china n'kuchotsa K6,000, ndipo buku likadagwirizana ndi bokosi mpaka tambala yomaliza. Tikadaomba m'manja n'kugawana. Koma membala mmodzi akadakhululukidwa K6,000 imene sadapereke, mnzake n'kulipitsidwa K6,000 kachiwiri. Bokosi kugwirizana ndi buku kumayeretsa msungichuma, koma sikutsimikiza kuti aliyense walembedwa zake. Zimenezo zimadziwika pokhapokha mzere wa munthu aliyense ufananizidwe ndi kabuku kake.

Pamsonkhano wogawana ndidafotokoza zonsezi, ngakhale ena adati ndikadangokhala chete poti ndalama sidasowe. Amlembi poyamba adakhumudwa, kuganiza kuti ndikunyoza malembedwe awo. Adati, "Asungichuma, chaka chonse ndakhala ndikulemba chonchi, lero mpamene wani wanga waipa?" Ndidawayankha kuti wolakwa ndidali ine wowerenga, ndipo ndidawaonetsa buku langa la kunyumba mmene seveni wanga wopanda lamba iwo akadamuwerenga ngati wani. Adaliyang'ana, n'kuloza K7,000 ina, n'kunena kuti kwa iwo imeneyo ndi K1,000. Gulu lonse lidaseka, ndipo nkhani idapepuka.

Tidagwirizana zinthu zochepa. M'buku la gulu wani ndi kamtengo koongoka, seveni ali ndi lamba, ziro atsekedwe pamwamba, sikisi akhale wa khosi lalitali loposa mimba yake. Tidatenga wani wa tsidya lino ndi seveni wa tsidya linalo, chifukwa awiriwa ndiwo atalikirana kwambiri. Wina adati tizidulanso ziro ndi kamzere monga amaonekera pa makadi ena a mayunitsi, koma titayesa pamanja tidaona kuti ziro wodulidwa mothamanga amafanana ndi 8, ndiye tidazisiya. Aliyense wogwira bukulo adalemba manambala ake kuyambira 0 mpaka 9 m'kati mwa chikuto, kuti wokayikira azikafananiza ndi dzanja la mwini wake. Nambala yolakwika sitiikonzanso poilemba pamwamba, chifukwa wani amasanduka seveni ndi kamzere kamodzi, ziro amasanduka sikisi ndi kamchira kamodzi, ndipo tsiku lina sitidzadziwa ngati adakonza ndi mlembi kapena munthu wa zolinga zina. Timaidula ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, n'kulemba yolondola pambali, mlembi ndi mwini ndalama n'kusainira.

Chachikulu n'chakuti tsamba sililoledwanso kugona losawonkhetsa. Msonkhano usadathe, amlembi amawerenga mokweza mzere uliwonse, mwini wake amavomera, ine ndimalowetsa mu kalikuleta zimene ndamva ndi khutu osati zimene ndaona ndi diso, ndipo yankho limafananizidwa ndi ndalama imene owerenga awiri aja apeza pamphasa. Likagwirizana, limalembedwa pansi pa tsamba m'manambala ndi m'mawu. Zimatitengera mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo amene amathamangira kukaphika amadandaula. Mwezi wathawu tidasiyana ndi K600. Ndidauza amlembi kuti ayang'ane nambala yachitatu kuchokera kumanja, ndipo asadafike pakati pa tsamba adapeza K3,600 ya mayi wina imene iwo omwe adaiwerenga mokweza ngati K3,000, mwini wake atavomera ali kalikiliki kutonthoza mwana.